Chigayo cha dizilo, cha magetsi kapena cha sola: ndilembe chiyani kukomiti?

Membala wosatchulidwa dzina
Abale anga ndithandizeni, tulo sindikuliona. Ndine mlembi wa kooparetivi ya alimi kuno ku Dowa. Tili ndi K18 miliyoni, ina tidasonkha tokha ina ndi ngongole, ndipo tikufuna kugula chigayo. Komiti yandiuza kuti pofika Lachisanu ndilembe kalata yofotokoza njira zitatu, mitengo yake, zoopsa zake, ndinenenso chimodzi choti tigule. Makotesheni ndatenga: cha dizilo K11 miliyoni, cha magetsi K9 miliyoni, cha sola K24 miliyoni. Nyumba yake tidamanga kale. Koma apampando akufuna cha dizilo chifukwa mlamu wawo ndi makaniko, ndipo msungichuma sandilankhula chiyambire nkhani ya mbuzi za chaka chatha, pomwe amene adataya lisiti ndi iyeyo. Ya thiransipoti popita ku Lilongwe kukatenga makotesheniwo ndidalipira ndekha, mpaka lero sanandibwezere. Amuna anganso akuti ndingotula pansi udindo. Ndisankhe chiti?

Madala wa ku Mponela
Mayi, musavutike mutu. DIZILO basi. Ine ndayendetsa chigayo cha dizilo zaka zambiri, sindinatsekepo chifukwa choti kwazima. Tsiku lomwe anzanga a magetsi akhala padzuwa kudikira, makasitomala awo onse amabwera kwa ine, mzere mpaka kumsewu.

Mtsikana wa sola
Nanga mafuta atasowa m'dziko muno mumagayira madzi, madala? Sola mukagula mwagula, palibe bilu.

Madala wa ku Mponela
Mwana iwe, kasola kako kamagaya tini imodzi munthu mpaka kuwodzera. Januwale kukachita mitambo masiku atatu anthu adye chiyani? Ndiponso wawerenga? Ali ndi 18, iwe ukuti agule cha 24.

Mayi wa kumsika
Nkhani ya thiransipotiyo musaisiye. Ine gulu lathu lidandidyera ndalama choncho, lero ndimangowapatsa moni wa pamaliro.

Mlangizi wopuma
Mayi, mwatiuza za mbuzi koma zinthu ziwiri zomwe zingadule mlanduwu simunanene. Anthu angabweretse matini angati patsiku? Ndipo mawaya a magetsi ali patali bwanji ndi nyumba ya chigayoyo? K9 miliyoni imeneyo ndikukhulupirira kuti ndi chigayo ndi mota basi, kukoka magetsi mulibemo. Mota ya chigayo chachikulu imafuna magetsi amphamvu a firii fezi, obwera ndi mawaya anayi. Ngati pafunika mapolo ambiri kapena thiransifoma yanuyanu, chomwe chikuoneka chotchipacho chikhoza kukhala chodula kuposa zonse.

Ndikuonetseni kawerengedwe kake, koma manambala awa ndongoyerekeza, muikemo anu. Tinene kuti mukugaya matini 60 patsiku pa K1,500, ndiye kuti mwatolera K90,000. Injini yabwino lita imodzi imagaya matini ngati asanu, ndiye malita 12. Lita ikakhala K3,500, mafuta adya K42,000. Wogayitsa, oyilo, mafyuluta, malamba ndi sefa tiike K20,000. Mwatsala ndi K28,000 patsiku, pa masiku 25 ndi K700,000 pamwezi. K11 miliyoni ija ibwerera pakatha miyezi 16.

Cha magetsi tini imodzi imadya pafupifupi yuniti imodzi. Mayuniti 60 tiike K18,000, zina ndi zina K15,000 popeza mota siifuna oyilo. Mwatsala ndi K57,000 patsiku. Koma musanamize komiti kuti adzayaka tsiku lililonse. Chotsani tsiku limodzi pa masiku anayi alionse, mutsala ndi ndalama yopitirira pang'ono K1 miliyoni pamwezi. Kukoka magetsi kukakhala K6 miliyoni, zonse pamodzi ndi K15 miliyoni, ndipo ibwerera m'miyezi 14 kapena 15. Kubwerera kwake sikukusiyana kwenikweni, koma ngongole ikatha cha magetsi chizikupatsani zambiri mwezi uliwonse.

Madala wa ku Mponela
Masamu a mu ofesi awa. Bwana, mudagwirako sipanala inu? Mota ikapsa chifukwa magetsi abwera ofooka, kukulungitsa waya wake mudaikapo pamasamu anuwo?

Mlangizi wopuma
Apo mwanena zoona, madala, chilowe pa zoopsa, ndipo agule sitata yokhala ndi chotetezera kuti fezi imodzi ikathawa mota izizima yokha. Koma inunso tiuzeni, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ndi masipeya zitakwera, mtengo wa tini mudaukweza mofanana?

Madala wa ku Mponela
Ndidakweza pang'ono, anthu adadandaula, koma ndilipobe. Ndipo madeya mwawaiwala nonsenu. Ine a nkhumba amandigula madeya, ndi amene amalipira mnyamata wanga.

Achimwene a ku Joni
Ndalama zonsezo bwanji osangogula kabaza zisanu? Madzulo aliwonse anyamata akubweretserani.

Mayi wa kumsika
Achimwene, afunsa za chigayo. Mng'ono wanga adagula njinga yamoto, mnyamata adathawa nayo mwezi usanathe.

Mphunzitsi wa ku Kasungu
Ine ndimaona kuti mlembi asasankhe. Angolemba zabwino ndi zoipa za chilichonse, komiti ivote yokha. Mukasankha inu, chikadzawonongeka adzati ndi chigayo cha mlembi.

Mlangizi wopuma
Aphunzitsi, akatero ndiye kuti wopambana ndi amene ali ndi mawu aakulu pamsonkhano, ndipo tamva kale kuti ndi ndani. Kalata yotere chiganizo choyamba chikhale chosankhacho. Mwachitsanzo: "Ndikupempha komiti ivomereze chigayo cha magetsi, malinga ngati kotesheni yokoka magetsi siipitirira K7 miliyoni. Ikapitirira, tigule cha dizilo." K7 miliyoni chifukwa 9 kuphatikiza 7 ndi 16, mutsale ndi K2 miliyoni ya mahamala, sefa ndi miyezi ya njala pamene anthu alibe chimanga chogayitsa koma ngongole ikufunabe kubweza. Cha sola chilembeni mwachidule kuti chaposa thumba lathu ndi K6 miliyoni, nchifukwa chake chagwa. Pansi pake muike tebulo limodzi la mitengo, kenako zoopsa ziwiri kapena zitatu pa chigayo chilichonse ndi chomwe mudzachite zikachitika.

Mphunzitsi wa ku Kasungu
Koma "malinga ngati" si kusankha kumeneko, bwana. Mwasankha ziwiri.

Mlangizi wopuma
Ndasankha chimodzi ndipo ndanena nambala yomwe ingandisinthitse maganizo. Komiti sidzafunikanso kukangana kachiwiri, pepala la ESCOM likabwera lidzayankha lokha.

Madala wa ku Mponela
Pepalalo lifika Lachisanu lisanakwane? Pamene mukudikira mapolo ngongole ikubereka chiwongoladzanja. Cha dizilo mukagula Lolemba, Lachitatu ufa ukutuluka. Lembaninso zimenezo pa zoopsa zanuzo.

Membala wosatchulidwa dzina
Zikomo nonse. Magetsi ali pafupi ndithu, pasukulu ya pulayimale alipo, kuyenda mphindi khumi. Za matini sindikudziwa, koma anthu amapita kutali kukagayitsa. A madala, apampando athu ndi abale anu kapena?

Mlangizi wopuma
Mphindi khumi ndi mapolo ambiri amenewo, mayi. Mawa m'mawa pitani pasukulupo mukayang'ane pa polo lomwe likulowetsa magetsi. Mawaya akakhala awiri ndi singo fezi, chigayo sichingayendere amenewo. Akakhala anayi pali chiyembekezo. Mukatero mutume mwana akakhale pachigayo chomwe anthu anu amapitako, awerenge matini ochokera kumidzi yanu masiku awiri. Akapanda kufika 30 patsiku, masamu onse aja asintha, ngakhale cha dizilocho chikhoza kulephera kubweza ngongole.

Mtsikana wa sola
Akapanda kufika 30 ndiye kasola kakang'ono kakwana, mwaona?

Madala wa ku Mponela
Iwe ukugulitsa mapanelo eti? Mayi, sindine m'bale wawo, koma apampando anuwo ndi munthu wanzeru. Mlamu wawoyo amakonza mainjini a mtundu wanji?