Abambo a hadiweya aja ayankha

"Ndimajambula mavidiyo. Ndilembe bwanji uthenga kwa mwini hadiweya kuti ndizimupangira mavidiyo otsatsa malonda mwezi uliwonse?"

Ili ndi funso lomwe ndinafunsa poyamba, ndipo ndabweranso kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Uthenga woyamba ndinachulukitsa za kamera yanga, ndipo sanayankhe. Ndiye ndinakakhala mmawa wonse pashopu yawo ku Chitakale, kumvetsera zomwe ogula amafunsa, kenako ndinalemba chonchi:

"Bambo, ndaona anthu ambiri akufunsa kusiyana kwa malata a geji 28 ndi a geji 32. Ndikhoza kujambula mnyamata wanu akupinda m'mphepete mwa onse awiri, anthu aone okha kuti a 28 ndiwo okhuthala. Ndizipanga mavidiyo anayi pamwezi, iliyonse ya masekondi 30 kuti isadye bandulo ya makasitomala, pa K80,000. Yoyamba muione kaye musanalipire."

Anaimba madzulo omwewo. Chomwe anakana n'kutchula mitengo m'vidiyo, chifukwa mtengo wa simenti suchedwa kusintha, ndipo kasitomala amabwera ndi vidiyo yakale kudzakangana pakauntala. Zimenezo sindinaziganizire, ndipo akunena zoona. Tagwirizana kuti mtengo azilemba okha pansi pa vidiyo akamaika pa WhatsApp. Ya malata tijambula Lachiwiri, magalimoto a simenti asanafike ndi fumbi.