Mutu watsopano wapambanadi kapena ndi mwayi chabe?

Wa ku Chilenje: Anzanga thandizeni. Vidiyo yanga ya pa YouTube ya mitengo ku Soweto Market ndinaika Lolemba ndi mutu woti "Mitengo ya tomato ku Soweto sabata ino", Lachinayi ndinasintha kukhala "Tomato wakwera ku Soweto, onani mtengo wa bokosi" ndipo chithunzi ndinaikanso china, cha amayi atanyamula bokosi pamutu. Mutu woyamba unaonekera ka 1,000, makiliki 52. Wachiwiri ka 1,000 komweko, makiliki 61. Manje mnzanga amene timapanga naye akuti tisinthe mitu yonse ya pa chanelo ikhale ya mtundu umenewu, ine mtima sunakhazikike.

Wa ku Matero: 6.1 peresenti ni yaikulu kupambana 5.2 sisi, nanga mufuna chani futi, sinthani chabe. Koma chithunzi mukanachisiya, apa simungadziwe ngati anthu anakopeka na mau kapena na amayi aja.

Wa ku Chawama: Ikani "Musagule tomato musanaone izi", muzaona mmene azabwerera

Wa ku Chilenje: Zikomo achimwene koma sindikufuna mutu wina, ndikufunsa ngati kusiyana kwa makiliki 9 kumeneku ndi kokhulupirika.

Wa ku Kabwata: Za chithunzi ba Matero anena zoona, koma pa 9 paja ayi. Pali kasamu kamene ndimachita pafoni mitu iwiri ikaonekera mofanana. Phatikizani makiliki, 52 ndi 61 ndi 113. Dinani √ pa kakyuleta, ikupatsani pafupifupi 10.6, ndiye muchulukitse kawiri, 21. Kusiyana kukachepera pamenepo, mwayi wokha ungathe kukubweretsa. Kwanu ndi 9, sikunafike ndi theka lomwe. Sindikuti mutu wachiwiri ndi woipa mlongo, mwina ndi wabwinodi, koma manambala awa sangatiuze.

Chimene chikundivuta kwambiri ndi masiku. Mitu yanu sinathamange limodzi. Vidiyo ikangotuluka imaonekera kwambiri kwa anthu anu okudziwani kale, amene amadina msanga, pambuyo pake ndiye imapita kwa alendo. Ndiye gulu la Lolemba ndi la Lachinayi ndi anthu osiyana. Onjezani kuti ngati Lachinayi linagwera kumapeto kwa mwezi anthu atalandira, mabandulo ali tho, kapena magetsi anali atazima mbali ina ya tauni mafoni atafa, zonsezo zimalowa m'manambala anuwo ndipo inu mudzati ndi mutu.

Wa ku Matero: Ine nimachita so, nimayang'ana ola lililonse, wina akangotsogola bwino nimaimitsa pamenepo. Sinitaya nthawi.

Wa ku Kabwata: Chimenecho chinandipweteka ine bwana. Tsiku lina poyesa mitu pa webusaiti yathu ndinaika mutu umodzimodzi mbali zonse ziwiri, dala, osasintha ngakhale chilembo chimodzi. Pofika masana mbali ina inali itatsogola moti ndikanaimitsa ndikanalumbira kuti ndapeza wopambana, chonsecho mau ndi omwewo. Patapita masiku zinayandikana. Mukamasuzumira pafupipafupi ndi kuimitsa pamene zakukomerani mudzapeza wopambana kawirikawiri ngakhale palibe. Lembani pakapepala musanayambe kuti ndidzaweruza pa nambala yakuti, ndipo sabata ikwane yathunthu kuti Loweruka ndi Sondo zilowemo.

Wa ku Chilenje: Nambala yake ndi iti ba Kabwata? Ndipo ndisinthe chani kwenikweni, poti ndaona kuti m'mutu momwemo ndinasinthamo zambiri

Wa ku Kabwata: Eya, munaikamo "wakwera", munachotsa "sabata ino", munaonjeza bokosi. Tengani chimodzi. Mutu wakale ukhale momwemo, winawo ukhale womwewo koma mwaonjeza mtengo wa bokosi mu kwacha kumapeto, chithunzi osakhudza. Mu YouTube Studio pa kompyuta muli poyesera mitu mpaka itatu nthawi imodzi, imagawa anthu yokha ndipo imatha kutenga masabata awiri. Dziwani kuti iyo imaweruza ndi nthawi imene anthu aonera, osati makiliki, ndiye mutu wokopa anthu n'kuthawa pa masekondi khumi supambana. Za nambala, kuti musiyanitse 5 ndi 6 peresenti bwinobwino pamafunika kuonekera ka 8,000 kapena kuposerapo pa mutu uliwonse.

Wa ku Chilenje: Mayo 8,000! Mavidiyo anga ambiri safika, komanso mtengo wa tomato pakatha masabata awiri wasintha kale.

Wa ku Matero: Ndiye nikamba ine, ise ang'ono tiziyesa pa mavidiyo ambiri, khumi na mtengo khumi opanda, tiphatikize.

Wa ku Kabwata: Zingathandize ngati mukuponya kobiri kusankha iti ilandire mtengo, osati kuika mtengo pa nkhani zotentha zokha. Komabe vidiyo ya tomato ndi ya kapenta sizikoka anthu mofanana, ndiye makumi awiri kwa ine ndi ochepa.

Wa ku Chilenje: Mitu yakale sindiikhudza kaye. Ndiyamba ndi vidiyo ya kasungidwe ka anyezi, ija imaonedwabe mwezi ndi mwezi, ndibweretsa manambala ikamaliza.