Buku la nkhani zazifupi silikupezeka pa Amazon: mabokosi 7 aja tilembemo chiyani?

Wa ku Chitakale (Cape Town): Akuluakulu, mwaswera bwanji konse muliko? Ndithandizeni nzeru. Buku la nkhani zazifupi 12, za m'Chingerezi, zochitikira m'minda ya tiyi kwathu ku Mulanje, lili pa KDP, njira ya Amazon yodzifalitsira mabuku wekha, mwezi wachiwiri uno. Ukalemba dzina lake lonse likubwera, koma ukafufuza mwa njira ina iliyonse silioneka. M'mabokosi a Keywords ndinalemba liwu limodzilimodzi: Malawi, Mulanje, Africa, book, stories, best, new. Pa Description ndinandandalika mitu ya nkhani zonse 12.

Wa ku Limbuli (Durban): Achimwene, mawu achinsinsi samaikidwa pagulu chonchi. Fufutani msanga, kenako mukasinthe pasiwedi.

Wa ku Luchenza (Dublin): Ayi malume, awa si a pasiwedi. Ndi mawu amene Amazon imagwiritsa ntchito kulumikiza buku ndi zimene wogula walemba pofufuza. Wogulayo sawaona n'komwe.

Achimwene a ku Chitakale, vuto layambira pomwepo. Mabokosi alipo 7, ndipo lililonse limalandira zilembo 50, kuwerengera ndi mipata yomwe. Inu mwaikamo liwu limodzi pa bokosi, ngati kupita kumunda ndi dengu n'kubwerako ndi tsamba limodzi. Komanso mwa mawu 7 aja, atatu ndi otayika. Liwu la book silisiyanitsa buku lanu ndi lina lililonse, ndipo best ndi new malamulo a KDP amaletsa, chifukwa loyambalo ndi lodzitama ndipo linalo limakhala loona kwa kanthawi chabe. Ndifunseko: pamutu waung'ono wa bukulo palembedwa chiyani?

Wa ku Chitakale (Cape Town): Palembedwa Short Stories from Mulanje, achemwali.

Wa ku Luchenza (Dublin): Ndiye Mulanje ndi stories zawononganso malo, pakuti mawu a m'mutu, m'mutu waung'ono ndi dzina la wolemba amafufuzidwa kale. Mwatsala ndi Malawi ndi Africa basi, ndipo pa Africa mukupikisana ndi mabuku osawerengeka.

Chitani izi. Tsegulani amazon.com kapena amazon.co.uk, malinga ndi kumene kuli owerenga anu ambiri. Pambali pa malo ofufuzira sankhani Kindle Store. Yambani kulemba pang'onopang'ono, monga malawi f, kapena african short, osadina chilichonse, muone mawu amene akudzitsikira okha m'munsimo. Amenewo ndi amene anthu amalembadi. Tengani okhawo ogwirizana ndi zimene zili m'buku. Kenako ganizirani nkhani zanuzo: zikuchitikira kuti, anthu ake ndi otani, chikuwasautsa n'chiyani. Bokosi lililonse litenge mbali imodzi, mwachitsanzo:

```
malawi fiction tea estate workers
african village life family secrets
migrant workers south africa homecoming
```

Mitengero musaikemo, ndipo mipatuliro siyofunika. Mawu akhale m'dongosolo lomwe munthu angawalembere.

Wa ku Bvumbwe (Johannesburg): Asisi anena zoona. Ine ndiwonjezere kuti bokosi limodzi muikemo maina a alembi otchuka a mu Africa muno, kuti wofuna mabuku awo akumanenso ndi lanu. Ndipo musasiye mpata, dzazani zilembo 50 zonse m'bokosi lililonse.

Wa ku Luchenza (Dublin): Za mainazo ayi ndithu, alamu. Dzina la mlembi wina kapena mutu wa buku lake m'mabokosimo n'zoletsedwa, amaziona ngati kusocheretsa ogula, ndipo buku likhoza kuchotsedwa pamsika. Chimodzimodzi free, Kindle Unlimited ndi KDP Select. Za kudzaza 50 zija n'zimene anthu amatsutsana. Ena amati mawu ambiri amakola ofufuza ambiri, ena amati kachiganizo kofanana ndendende ndi kamene wogula walemba kamakweza buku pamwamba. Ine ndimakonda kusakaniza: mabokosi anayi a tiziganizo tachindunji, atatu odzaza.

Wa ku Bvumbwe (Johannesburg): Pa mainapo ndamva. Pa kudzazapo ndikadali pomwepo, malo aulere sasiyidwa.

Wa ku Thekerani (Leeds): Ine ndikambe za Description, chifukwa mabokosiwo amangomufikitsa munthu pakhomo, chomulowetsa m'nyumba ndi ichi. Malire ake ndi zilembo 4,000, koma pafoni wogula amaona mizere yochepa yoyambirira, kwinako mpaka adine Read more. Ndiye ngati mizere imeneyo yadzaza ndi mitu ya nkhani, mwataya mwayi, popeza mutu wa nkhani suuza kanthu munthu amene sanaiwerenge.

Buku la nkhani zambiri limavuta chifukwa lilibe mwininkhani mmodzi. Mankhwala ake ndi kusankha nkhani zitatu zamphamvu, iliyonse chiganizo chimodzi: munthu, chimene akufuna, chimene chamutchinga. Tinene kuti mayi wothyola tiyi wazindikira kuti sikelo ya kapitawo ikudya makilogalamu ake, koma kapitawoyo ndi mlamu wake. Imani pomwepo, mathero musaulule. Yachiwiri mwina mnyamata wabwera kuchokera ku Joni ndi chikwama chokha, kumudzi akuyembekeza malata. Mukatha zitatuzo, ndime yachiwiri inene chimene chikumanga mtolo wonse: nkhani 12, m'mphepete mwa phiri la Mulanje, ku Malawi. Dzina la dzikolo litchuleni, wogula wa kunja sadziwa kuti Mulanje ili kuti. Nenaninso poyera kuti ndi nkhani zazifupi, kuopa kuti wina angagule akuyesa nkhani imodzi yaitali n'kudzakupatsani nyenyezi ziwiri chifukwa chokhumudwa. Mawu 150 mpaka 200 akwana.

Wa ku Chitakale (Cape Town): Zamveka bwino, amayi. Nanga chifukwa chiyani zimene ndinalemba zinatuluka zonse mumtanda umodzi, popanda ndime? Ndinakopera kuchokera mu Word. Ndiponso ndimafuna kuika nambala yanga ya WhatsApp kumapeto, kuti a kumudzi aziitanitsa kwa ine.

Wa ku Thekerani (Leeds): Nambala ya foni, imelo, adiresi ya pa intaneti, mtengo wa buku, ngakhale mawu opempha anthu kuti alembe ndemanga, zonsezi siziloledwa mmenemo. Nambalayo ilengezeni kwina.

Za mtandazo, kukopera kuchokera mu Word kumabwera ndi zobisika zimene zimasokoneza ndime. Yambani mwamata mu Notepad kuti zitsukike, kenako mukopere m'bokosi la KDP ndi kukonza ndime ndi mabatani ali pamwamba pa bokosilo. Ngati mukulemba nokha HTML, izi zakwana:

```
<p><b>Chiganizo chokopa.</b></p>
<p>Ndime yachiwiri.</p>
```

Mukaiwala kutseka ndi `</b>`, zonse za m'munsi zidzatuluka zakuda bii. Zizindikirozi zimawerengedwanso pa 4,000 paja.

Wa ku Luchenza (Dublin): Musaiwale kuti Kindle eBook ndi Paperback chilichonse chili ndi tsamba lakelake. Pa Bookshelf dinani timadontho titatu pambali pa chilichonse, musankhe kusintha Details, mupitirire mpaka Publish. Mukangosunga osafika kumapetoko, pamsika sipasintha kanthu. Dikirani mpaka maola 72. Poyesa, lembani ASIN, nambala imene Amazon inapatsa bukulo, pamodzi ndi kachiganizo kamodzi ka m'mabokosi aja m'malo ofufuzira. Likabwera, ndiye kuti mawuwo agwira. Ndipo musasinthe zonse tsiku ndi tsiku; sinthani mabokosi awiri, papite milungu itatu kapena inayi, muone pa Reports.

Wa ku Limbuli (Durban): Tsopano ndamvetsa. Nanga mawu a Chichewa monga ganyu kapena lobola angalowe m'mabokosimo?

Wa ku Thekerani (Leeds): Angalowe ngati nkhanizo zikukambadi zimenezo, malume. Ine ndingawapatse bokosi limodzi lokha, pamodzi ndi maina a zilankhulo, chichewa ndi lomwe, chifukwa Mmalawi ali kunja akhoza kufufuza motero.

Wa ku Luchenza (Dublin): Ine ganyu sindingaikemo, sindikhulupirira kuti alipo amalemba zimenezo pogula buku. Achimwene, yesani kaye kulemba liwulo mu Kindle Store usiku uno, mutiuze ngati chilipo chatsika.