Thandizeni, buku langa lakana kubalansa ndi K80,000

Nangozo: Anzanga, mutu wanga waima. Ndimapikula mbatata ya kachewere pa Lizulu n'kumagulitsa pa Ntcheu boma. Ndinayamba ndi mpamba wa K500,000. Mbatata ndinagula ya K300,000, mayendedwe K40,000 (wagalimotoyo ananyowetsanso matumba, osapepesa n'komwe), ndagulitsa ya K280,000. Mwana wa achemwali anandiphunzitsa zoti ndizilemba debiti ndi kirediti, pano sakuyankha foni chifukwa ndinamukana yunitsi. Ndikawonkhetsa, kirediti ikuposa debiti ndi K80,000. Ndabedwa? Abambo a kunyumba ayamba kale kundiyang'ana ndi diso lina.

Mfumu ya pa Tsangano: MWABEDWA MAYI. Ine mnyamata wanga anandithawitsira matumba 6 ulendo wa ku Mozambiki. Chotsani wantchito lero.

Nangozo: Ndilibe wantchito bambo.

Tiya: Zosavuta izi. Kirediti ndi ndalama yolowa, uthenga wa ku banki umanena choncho. Ndiye kuti mwapindula 80.

Ankolo a Leja: Ayi Tiya, uthengawo ndi wa m'buku la banki, kumene iwo ali ndi ngongole kwa iwe. M'buku lako kashi ikalowa ndi debiti. Mayi, chilichonse chimalembedwa kawiri, kumene chapita ndi kumene chachokera, ndalama yake yofanana. Mpamba uja: debiti Kashi 500,000, kirediti Mpamba 500,000. Pogula mbatata: debiti Zogula 300,000, kirediti Kashi 300,000. Galimoto: debiti Mayendedwe 40,000, kirediti Kashi 40,000. Pamenepa ndi pamene ndikukayikira. Mukaika nambala mbali yolakwika, kusiyana kumatuluka kowirikiza, ndipo theka la 80 ndi 40 yanu ya galimotoyo. Taonani ngati Mayendedwe simunawalembe ku kirediti.

Mfumu ya pa Tsangano: Sukulu yachuluka apa. Agogo anga ankasunga ndalama pa nsonga ya chitenje, sanabalansepo kanthu.

Ankolo a Leja: Komanso kuba sikusokoneza balansi, a Mfumu. Wakuba amaoneka mukawerenga ndalama ya m'thumba. Mayi, mukanagulitsa yonse pa kashi mukanakhala ndi K440,000. Muli nazo zingati?

Nangozo: 360. Koma alamu anga okazinga tchipisi anatenga ya K80,000, akuti apereka pakutha pa mwezi.

Tiya: Amayi inu! Nkhani yonse ija ya yunitsi, izi osanena?

Ankolo a Leja: Ndi imeneyotu. Pa Zogulitsa kirediti ndi 280,000 ndithu, koma debiti igawike: Kashi 200,000, akaunti ya dzina la alamuwo 80,000. Akadzalipira, debiti Kashi, kirediti alamu. Musadzalembenso pa Zogulitsa, mudzakhala mwagulitsa mbatata imodzi kawiri.

Mfumu ya pa Tsangano: "Akadzalipira." Mlamu? Ankolo, tiuzeni kolemba ndalama yoti sidzabweranso.

Nangozo: Nanga K15,000 yomwe abambo anatenga m'mawa uno pa 360 ija ya ku maliro ku Bawi, ndilembe kuti?