Kodi ndisayine bwanji katundu akabwera wosakwanira?

Akuluakulu amene mumagwira ntchito yosunga katundu, ndikupempha nzeru zanu. Pa sitolo yathu ya zipangizo zomangira tinaitanitsa matumba 200 a simenti a makilogalamu 50, ndipo pepala lathu la oda likunena zomwezo. Lole itafika tinawerenga matumba 192, mwa iwo 5 anali onyowa ndi olimba ngati mwala, koma invoisi ya ogulitsa ikufuna ndalama za matumba onse 200.

Ndikudziwa kuti oda, invoisi ndi katundu amene wafikadi ziyenera kugwirizana pa mtundu, kuchuluka ndi mtengo tisanalipire. Chimene chikundivuta ndi pepala loperekera katundu, chifukwa dalaivala, amene anali pachangu, anakana kuti ndilembepo chilichonse kupatula siginecha. Kodi ndikalemba kuti ndalandira matumba abwino 187 okha, iyenso n'kusayina pambali pake, zimenezi n'zokwanira kuti a maakaunti aimitse malipiro? Nanga ogulitsa ayenera kutumiza invoisi yatsopano, kapena kalata yochotsera mtengo wa matumba 13 pa invoisi yakaleyo? Matumba owonongekawo ndawaika padera, sindinawalowetse m'buku la katundu.