Za 15,000 ya achemwali omwe anakongola mu Januwale

Wokongola: Amsungichuma, ndifunse nawo pano kuti onse amve. Ndinatenga 120,000 ya miyezi 6, pa 5 peresenti pa mwezi. Ndabweza kasanu, mu pasibuku mwatsala 20,000 yokha. Nanga bwanji mukundiuzabe 6,000 ya chiwongoladzanja ngati mwezi woyamba uja?

Msungichuma: Achemwali, 5 peresenti ya 120,000 ndi 6,000. Kuchulukitsa ndi 6, ikukwana 36,000. Timawerengera choncho chiyambireni gululi.

Agogo: Ngati ndi chindapusa cha kuchedwa, angolipira. Ine ndinalipirapo kawiri, sindinadandaule.

Wokongola: Sindinachedwepo agogo, ndi nkhani ina iyi.

Mlembi: Onse awiri masamu awo ndi oona, kungoti njira zilipo ziwiri. Amsungichuma akuwerengera pa ndalama yonse yomwe munthu anatenga tsiku loyamba, ngakhale atabweza ina. Ndicho cha fulati chija. Achemwaliwa akuwerengera pa yotsala. Pa mpamba akhala akubweza 20,000 mwezi uliwonse, ndiye mwezi woyamba chiwongoladzanja ndi 6,000, wachiwiri 5,000 poti atsala ndi 100,000, kenako 4,000, kumangotsika mpaka 1,000. Zonse pamodzi 21,000. Kusiyana kwake ndi 36,000 ija ndi 15,000.

Chondivuta ine ndi mwezi uno. Munthu ali ndi 20,000 yathu yokha, ife tikumuuza 6,000. Imeneyotu ndi 30 peresenti. Akulipirira ndalama yomwe inabwerera kale m'bokosi, mwinanso tinaikongoza kale kwa wina ndipo nayenso akuilipirira. Mukaunika ngongole yonseyi, 5 peresenti ya fulati ikufanana ndi 8 peresenti ya chotsika, dzina lokha ndiye 5.

Wachiwiri kwa wapampando: Koma mlembi, ndalamayo sipita kwina. Pogawana ibwerera kwa iwo omwe.

Mlembi: Ibwerera pang'ono chabe, bambo. Timagawana potengera masheya. Amene ali ndi masheya ambiri koma sakongola ndiye amadya zambiri pa 15,000 imeneyo.

Wachiwiri kwa wapampando: Mukunena ine kodi?

Mlembi: Sindinatchule munthu.

Msungichuma: Kunena n'kophweka. Yotsikayo ifuna kuwerengera munthu aliyense payekha mwezi ndi mwezi, ndipo wina akabweza 13,500 m'malo mwa 20,000, wogwira cholembera ndine. Fulati ngakhale agogo amatha kuitsatira pamtima. Komanso phindu la pogawana lichepa, musadzandiloze chala.

Wapampando: Ndatsegula malamulo athu. Palembedwa "5 peresenti pa mwezi" basi, sitinanene kuti pa ndalama iti. Cholakwa n'chathu tonse. Achemwali, Loweruka mubweretse 20,000 ya mpamba, zinazo tikambirana titakhala pansi.

Wokongola: Zikomo amayi. Nanga 30,000 ndalipira kale ija? Pa yotsika ndapitirira kale ndi 9,000.

Agogo: Akabwezeredwa awa, inenso ya chaka chatha ndiifuna.