Ndalemba K8,500 m'malo mwa K18,500 pa zitenje za Tsiku la Anakubala, ndiwauze bwanji makasitomala?

Wa zitenje ku 25: Amayi ndi abambo ndithandizeni mutu wanga waima. M'mawa uno ndinaika pa sitetasi pulomoshoni ya 15 Okutobala, chitenje cha wakisi mayadi 6, mtengo umayenera kukhala K18,500 koma 1 uja anasowa ndiye panalembedwa K8,500. Ndazindikira 11:20 foni itatentha ndi mameseji, ndafufuta pompo koma anthu anajambula kale sikilini akutumizirana m'magulupu a kutchalitchi. Ndili ndi mapisi 30 okha, ndinapikula K14,000 imodzi. Ena atumiza kale ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba za mapisi 12. Ndilembe chani kuti ndisayaluke?

Wa mafoni ku Kawale: Sisi zophweka izo, ingolembani kuti foni inali ndi mwana kapena akaunti anaihaka, aliyense abwezeredwe zake nkhani yatha

Amayi a holoselo ku Malangalanga: Ayi achimwene bodza limenelo lidzawadya. Chithunzi ndi cha shopu yawo, mawu ndi awo, ndipo anthu ena anawayankha okha m'mawa. Komanso mukangonena kuti anakuhakani ndani adzatumizenso ndalama pa nambala imeneyo? Mayi, musanalembe chilichonse khalani pansi ndi kope. Anthuwa si gulu limodzi ndiye meseji imodzi siingakwanire onse. Alipo amene alipira, alipo amene munawayankha kuti chilipo bwerani, ndiye pali amene angofunsa. Ndiuzeni manambala ake.

Wa zitenje ku 25: Olipira ndi anthu 9, anthu 8 pisi imodziimodzi ndiye mayi wina watumiza K34,000 ya mapisi 4. Amene ndinawayankha kuti chilipo ndi 5, ndinkangoyankha osaona kuti akunena mtengo uti. Ongofunsa nde ambiri mwina 40

Abambo a golosale ku 23: Lamulo lake ndi lakuti mtengo umene waika ndi womwewo, ugulitse onse 30 pa K8,500 basi, apo bii a CFTC, bungwe loona za chilungamo pa malonda, akupezani. Ine ndinaona munthu akukangana pa thilu mu shopu ina mtauni, pa shelefu mtengo wina pa makina wina, mpaka anamugulitsa pa mtengo wa pa shelefu.

Amayi a holoselo ku Malangalanga: Bambo mbali ina mukunena zoona, CFTC imalandiradi madandaulo a mitengo yosocheretsa ndipo kasitomala aliyense akhoza kukadandaula, nchifukwa chake ndikuti olipira asaseweretsedwe. Koma zoti munthu amene walakwitsa nkukonza m'mawa womwewo agulitse sitoko yonse kwa aliyense wobwera ndi sikilinishoti, ine sindingawauze mayiwa kuti achite zimenezo. Tiyeni tiwerengere. Pisi iliyonse pa K8,500 akuluza K5,500. Onse 30 ndi K165,000 yapita. Koma akalemekeza 12 olipirawo akuluza K66,000, otsala 18 akagulitsa pa K18,500 phindu ndi K4,500 pa pisi, yonse K81,000. Ndiye kuti atsalabe ndi K15,000 pamwamba. Ndi yochepa inde koma mpamba sunakhudzidwe, ndipo anthu 9 aja akakauza anzawo kuti mayi uja analakwitsa koma anatipatsabe.

Wa zitenje ku 25: Eee sindinawerengere choncho, ine ndimangoona 66 yo basi mtima kuwawa

Amayi a holoselo ku Malangalanga: Yambani ndi ya pa sitetasi chifukwa mphindi iliyonse wina akukwera minibasi. Muike pomwe panali yolakwika paja komanso m'magulupu momwe yafika, motere:

"Makasitomala athu pepani, m'mawa uno talakwitsa mtengo wa zitenje za Tsiku la Anakubala. Tinalemba K8,500, mtengo weniweni ndi K18,500 pa mayadi 6. Kulakwitsa ndi kwathu. Amene munalipira isanakwane 11:20 mulandira chitenje chanu pa mtengo womwe munalipira. Chonde musatumizenso K8,500. Zatsala 18, musananyamuke imbani kaye."

Onani kuti mitengo yonse iwiri yalembedwa. Ambiri amangoti pepani panali kavuto pa mtengo, ndiye munthu amene anaona sikilinishoti sadziwa kuti vuto lake ndi liti, amabwerabe ndi K8,500 yake m'manja. Nthawi ija 11:20 nayo isasowe, ndi imene ikutetezeni mawa wina akamakangana. Ndipo musayambe ndi nkhani za kukwera kwa dola kapena mavuto a pa boda, munthu akamva zimenezo amangoti mwakweza dala mutaona kuti zikuyenda.

Wa nkhuku ku Likuni: Ine zinandichitikira pa Khirisimasi koma zanga zinali zotha sitoko, ndinalengeza nkhuku ndili ndi 60 maoda anafika 85. Cholakwa changa ndinalemba kuti zibwera posachedwa, posachedwa ameneyo anthu anandiimbira mpaka pa 24 usiku. Ndinaphunzira kuti ngati ulibe tsiku lenileni ungobweza ndalama tsiku lomwelo, ndipo uwonjezere yotapira, chifukwa munthu anatumiza yathunthu ndiye akakatapa kwa ejenti nkudulidwa amakwiya kawiri. Mayi wina anachokera ku Chinsapo ndinamubwezeranso ya kabaza.

Amayi a holoselo ku Malangalanga: Ya yotapirayo nde mwanena, ilembeni mayi. Komanso ya tsiku, kwa inu tsiku ndi 15, chitenje chofika pa 16 ndi nsalu wamba. Ndiye olipirawo alembereni aliyense payekha ndi dzina lake, osati pa gulupu: "Mayi, ndalandira K8,500 yanu. Mtengo ndinalakwitsa ine koma chitenje chanu ndasunga, simuwonjezera kanthu. Mudzatenge pofika pa 14 madzulo." Mukatero mapisiwo muwachotse pa shelefu, muike m'jumbo ndi dzina pakapepala, kuti mtsikana wa pa shopu asagulitse mwangozi nkukhala ndi vuto lachiwiri.

5 munawayankha aja musawalembere, aimbireni. Ine ndikanawapatsa pa K14,000 yomwe munapikulira, chifukwa mawu munapereka ngakhale ndalama sanatumize.

Wa mafoni ku Kawale: Apo nde ayi amayi, 5 amenewo akatenga pa 14 otsala ndi 13, phindu K58,500, kuchotsa pa 66 ndiye kuti sisi alowa m'thumba K7,500. Munthu sanalipire kanthu mpaka kumugulitsa popanda phindu? Ine ndikanangochotsako K1,000

Amayi a holoselo ku Malangalanga: Masamu anu ali bwino achimwene, apo asankhe okha, amawadziwa anthuwo ndi iwo. Kasitomala wa chaka ndi chaka sindingamuyeze ndi K7,500.

Wa zitenje ku 25: Ndaika sitetasi ija, awiri ayankha kale kuti zimachitika, wina wanditukwana pang'ono koma basi. Mwa 5 aja atatu ndi anthu anga akale ndawapatsa pa 14, awiriwo ndawauza 17,500 wina wakana. Koma pali kankhani, ndabwerera mu mameseji a ndalama, mayi wa K34,000 uja anatumiza 11:35, nditafufuta kale, ndipo pa sitetasi yake amagulitsanso zitenje

Abambo a golosale ku 23: Walipira walipira mayi, ndalama yalowa mu foni mwanu. Mwina sikilinishoti inamupeza mochedwa, mudziwa bwanji?

Amayi a holoselo ku Malangalanga: Wogulitsa zitenje amadziwa kuti wakisi wa mayadi 6 sangakhale K8,500. Ine ndikanamupatsa pisi imodzi pa mtengowo, K25,500 yotsalayo nkumubwezera lero lomwe ndi yotapira, ndi meseji yosonyeza nthawi ziwiri zija 11:20 ndi 11:35. Musamunene kuti ndi wakuba, ingoonetsani nthawi.

Wa zitenje ku 25: Ndamuimbira kawiri sakuyankha, wangolemba kuti watuma kale wa kabaza kudzatenga zonse 4. Akafika ndimupatsa imodzi kaye, zinazo tikambirana ndi mwini wake